Malonda Odalira Tchati: Chifukwa Chake Ambiri Amaluza, ndi Momwe Gulu la Banki Mkhonde Lingaikire Malire

Malonda odalira tchati ndi njira yogula ndi kugulitsa ndalama zakunja, golide, masheya kapena ndalama za pa intaneti poyang'ana chithunzi cha momwe mtengo wakhala ukuyendera. Wochita malondawa safufuza ngati kampani ikupanga phindu kapena ngati chuma cha dziko chili bwino. Iye amayang'ana mizere yokwera ndi yotsika pafoni, n'kuyesa kulosera kumene mtengo upite m'mphindi, m'maola kapena m'masiku akubwerawo. Ambiri amangowatchula kuti foreksi, chifukwa malonda a ndalama zakunja ndiwo afala kwambiri pamafoni.

Nkhaniyi imafika m'magulu a banki mkhonde kudzera mwa membala, mwana wa membala kapena mnansi amene amati ndalama zikungogona m'bokosi, pomwe iye angathe kuzichulukitsa. Gulu lisanayankhe, liyenera kudziwa chinthu chimodzi chachikulu. Palibe amene angalamule kumene mtengo upite. Chokhacho chimene munthu angalamule ndi kuchuluka kwa ndalama zimene angataye zinthu zikalakwika, ndipo malire amenewo amaikidwa malonda asanayambe.

Zimene tchati imaonetsa

Pa mapulogalamu monga MetaTrader 4 ndi MetaTrader 5, mtengo umajambulidwa ndi timizati tofanana ndi makandulo, ndipo amalonda amatitchula kuti makandulo. Kandulo imodzi imaimira nthawi imene munthu wasankha, kaya mphindi 5, ola limodzi kapena tsiku lathunthu. Imanena zinthu zinayi: mtengo umene nthawiyo inayambira, umene inathera, wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri.

Pa makandulowa amalonda amajambulapo mizere. Mzere wapansi amaudutsitsa pamene mtengo unalekera kutsika kangapo m'mbuyomu, ndipo amayembekeza kuti ukafikanso pamenepo ubwerera m'mwamba. Mzere wapamwamba amaudutsitsa pamene mtengo unalekera kukwera. Palinso zoyezera zina zimene pulogalamu imawerengetsa yokha, monga Moving Average ndi RSI. Mayina ake amamveka ozama, koma zonsezi zimapangidwa kuchokera ku chinthu chimodzi, chomwe ndi mitengo yakale. Tchati ili ngati mapazi a nyama panjira, amene amaonetsa kumene yadutsa koma sanena kumene ikhotere.

Chifukwa chake tchati imapusitsa

Vuto loyamba lili m'maso mwa munthu. Tchati yakale imaoneka yosavuta kuwerenga chifukwa mathero ake akuonekera kale. Wophunzitsa foreksi amasankha malo pamene mtengo unagunda mzere n'kubwerera, n'kunena kuti pamenepa ndiye panali pogulira. Malo ena ambiri pamene mtengo unaboola mzere womwewo n'kupitirira kugwa sawaonetsa. Malonda enieni amachitikira kumapeto kwa tchati, kudzanja lamanja, pamene kutsogolo kuli kopanda kanthu. Pamenepo anthu awiri oyang'ana tchati imodzi atha kujambula mizere yosiyana, wina n'kugula, wina n'kugulitsa.

Vuto lachiwiri ndi loti mtengo umasunthidwa ndi nkhani zimene sizinachitike pamene tchati inkajambulidwa. Banki yaikulu ya dziko ikasintha chiwongola dzanja, nkhondo ikabuka, kapena boma la America likatulutsa chiwerengero cha anthu olembedwa ntchito, mtengo utha kulumpha m'masekondi ochepa. A Malawi anaona zotere mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti nthawi imodzi. Chimenecho chinali chiganizo cha Reserve Bank of Malawi, ndipo panalibe mzere wa pa tchati umene ukanatchula tsiku ndi kukula kwake.

Vuto lachitatu ndi la amene ali mbali inayo ya malonda. Pa msika wa ndalama zakunja pali mabanki akuluakulu ndi makampani okhala ndi makompyuta othamanga, amene amalandira nkhani msanga kuposa munthu wapafoni. Njira iliyonse yosavuta imene ingapezeke pa tchati, iwowa anaiona kale. Kuwonjezera apo, munthu wapafoni nthawi zambiri sagula mayuro kapena golide weniweni. Amalowa pangano lotchedwa CFD ndi kampani yapakati, yotchedwa buloka, loti adzalipirana kusiyana kwa mitengo. Mabuloka ena amadzisungira okha mbali inayo ya panganolo, kotero kuti kasitomala akaluza, ndalamazo zimatsala kwa iwo.

Zotsatira zake zinawerengedwa. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya zachuma ku Ulaya la ESMA linanena kuti pakati pa 74 ndi 89 mwa maakaunti 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda a CFD amaluza ndalama. Ku Brazil akatswiri a zachuma analondoloza anthu amene anayamba malonda ogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene anapirira masiku oposa 300, anthu 97 mwa 100 aliwonse analuza, ndipo pafupifupi mmodzi yekha mwa 100 ndiye ankapeza zoposa malipiro otsikitsitsa a m'dzikomo. Awa sanali ongoyesa. Anali anthu amene anakhala pa tchati nthawi yaitali, koma kukhalitsako sikunawapulumutse.

Livareji ndi sipuredi

Chimene chimathetsa akaunti msanga si tchati yokha, koma livareji. Livareji ndi chilolezo chimene buloka amapereka choti munthu achite malonda aakulu kuposa ndalama zimene waika. Pa livareji ya 1:500, dola imodzi imagwira malonda a madola 500. Phindu limawerengedwa pa malonda aakuluwo, ndipo kuluza kumawerengedwanso pomwepo. Ku Ulaya malamulo a 2018 anaika malire a 1:30 kwa anthu wamba pa ndalama zikuluzikulu monga yuro ndi dola. Mabuloka olembetsedwa m'mayiko a malamulo ofooka amapereka 1:500 kapena kuposa, ndipo ambiri mwa amenewa ndiwo amafunafuna makasitomala mu Africa.

Kuti izi zimveke pafunika mawu awiri. Pipu ndi kasinthidwe kakang'ono ka mtengo. Pa EUR/USD, mtengo ukachoka pa 1.1000 kufika pa 1.1001 wasuntha pipu imodzi. Loti ndi muyeso wa kukula kwa malonda. Loti yathunthu ndi mayuro 100,000, ndipo pa loti imeneyo pipu iliyonse ndi madola 10. Pa loti ya 0.50 pipu ndi madola 5, ndipo pa loti ya 0.01, yomwe ndi yochepetsetsa kwa mabuloka ambiri, pipu ndi masenti 10.

Tiyerekeze kuti gulu lapereka ndalama zokwana madola 500 kwa membala. Iye waona mtengo wa EUR/USD wafika pa mzere wapansi, pa 1.1000, ndipo akukhulupirira kuti ukwera. Wadina Buy pa loti ya 0.50. Malonda amene wagwira ndi mayuro 50,000, omwe ndi madola 55,000, koma buloka wangomutsekera madola 110 okha ngati chikole. Pafoni zikuoneka ngati waika pang'ono. Mtengo ukatsika mapipu 50, kufika pa 1.0950, madola 250 apita, ndilo theka la ndalama za gulu. Mtengo usanatsike mapipu 100, buloka amatseka yekha malondawo kuti ateteze zake, ndipo mu akaunti mumatsala zochepa chabe. Mapipu 100 pa mtengo wa 1.1000 sakwana ndi 1 peresenti yomwe, ndipo kusuntha kotere kutha kuchitika tsiku limodzi.

Palinso ndalama imene imatuluka ngakhale mtengo usasunthe. Buloka amakhala ndi mitengo iwiri nthawi imodzi, wogulira wokwera pang'ono ndi wogulitsira wotsika pang'ono. Kusiyana kwake ndi sipuredi. Sipuredi ikakhala mapipu 2, malonda a loti ya 0.50 amayamba ndi ngongole ya madola 10. Membala uja akamalowa kasanu patsiku kwa masiku 20, walowa ka 100, ndipo sipuredi yokha yadya madola 1,000, kuwirikiza kawiri ndalama zimene anayamba nazo. Ayenera kupambana zochuluka choncho pa tchati kuti angobwerera pamene anayambira. N'chifukwa chake buloka amalimbikitsa kulowa pafupipafupi, ndipo amalipira anthu obweretsa makasitomala atsopano.

Masamu a kuluza

Kuluza ndi kupindula sizilemera mofanana. Wotaya 10 peresenti amafunika kupindula pafupifupi 11 peresenti pa zotsalazo kuti abwerere pakale. Wotaya 20 peresenti amafunika 25 peresenti. Wotaya theka amafunika kuwirikiza kawiri zotsalazo. Dzenje likamakula, kutulukamo kumavuta mowirikiza, ndipo apa m'pamene ambiri amakulitsa loti pofuna kubweza msanga, n'kumalizitsa zotsala zija.

Kupambana kawirikawiri nakonso sikutanthauza phindu. Munthu akapambana ka 7 mwa maulendo 10, madola 10 ulendo uliwonse, wapeza madola 70. Akaluza katatu, madola 40 ulendo uliwonse, wataya 120. Wapambana kambiri koma watsala ndi chipereweza cha madola 50. Izi zimachitika chifukwa cha chibadwa cha anthu. Phindu laling'ono likaoneka amathamangira kulitenga, koma akamaluza amadikira poyembekeza kuti mtengo ubwerera.

Komanso kuluza motsatizana sikupeweka. Ngati mwayi wopambana ndi woluza uli wofanana, m'maulendo 100 muli mwayi wa pafupifupi 8 mwa 10 woti penapake munthu aluza kasanu kapena kuposa motsatizana. Funso lofunika ndi loti akaunti idzatsala ndi zingati nthawi yoipayo ikadutsa. Woika pachiswe 1 peresenti ulendo uliwonse akaluza ka 10 motsatizana amatsala ndi pafupifupi 90 peresenti ya ndalama zake. Woika 10 peresenti amatsala ndi pafupifupi 35 peresenti.

Malire a ulendo uliwonse

Njira yoikira malire ili ndi masitepe atatu, ndipo dongosolo lake silisinthidwa. Choyamba ndi kusankha ndalama zimene zingatayike ulendo umodzi. Muyeso umene amalonda osamala amagwiritsa ntchito ndi 1 peresenti ya akaunti, osapitirira 2. Pa madola 500, 1 peresenti ndi madola 5.

Chachiwiri ndi kusankha mtengo umene ukafika, ndiye kuti kulosera kwalakwika. Mtengowo umalembedwa m'kabokosi ka Stop Loss malonda asanatsegulidwe, ndipo ukafika pamenepo pulogalamu imatseka yokha. Mu chitsanzo chija, wogula pa 1.1000 atha kuika Stop Loss pa 1.0950, mtunda wa mapipu 50.

Chachitatu ndi kuwerengetsa loti kuchokera pa ziwirizi. Madola 5 akagawidwa ndi mapipu 50 amapereka masenti 10 pa pipu iliyonse, ndiye kuti loti yoyenera ndi 0.01. Mtengo ukatsika monga zinachitikira poyamba paja, atayika ndi madola 5 m'malo mwa 250. Tchati ndi yomweyo, kulosera kolakwika ndi komweko, koma kusiyana kwa zotsatira kwachokera pa kukula kwa loti. Masamu akapereka loti yochepera 0.01, akauntiyo ndi yaing'ono kwambiri pa malonda amenewo, ndipo choyenera ndi kuwasiya.

Masamu omwewa amaulula chinthu chimene otsatsa foreksi satchula. Pa loti ya 0.01, mtengo ukakwera mapipu 100 phindu ndi madola 10. Akaunti yaing'ono yoyendetsedwa mosamala singabereke ndalama zambiri. Wolonjeza kuwirikiza madola 500 pamwezi umodzi akunena, mosatchula, kuti aika loti yaikulu yotha kumaliza zonse.

Stop Loss ili ndi malamulo ake. Isasunthidwe kupita kutali mtengo ukamayandikira, chifukwa kutero ndi kuchotsa malire. Malonda amene akuluza asawonjezeredwe ena pamwamba pake. Pakhalenso malire a tsiku ndi a mwezi, mwachitsanzo kusiya tsikulo 2 peresenti ikatayika, ndi kusiyiratu 10 peresenti ikatayika, kuti mkwiyo ndi mantha zisalamulire chala chodina.

Pamene Stop Loss imalephera

Stop Loss si chitsimikizo. Ndi lamulo loti malonda atsekedwe pa mtengo woyamba wopezeka, ndipo mtengo ukalumpha, wopezekayo amakhala kutali. Msika wa foreksi umatseka Lachisanu usiku n'kutsegulanso kumayambiriro kwa sabata, ndipo nkhani yaikulu ikachitika pakatipo, mtengo umayambira pena.

Chitsanzo chodziwika ndi cha pa 15 Januwale 2015. Banki yaikulu ya Switzerland inakhala zaka zoposa zitatu ikuletsa yuro kutsika pansi pa mafuranki 1.20. Pa tchati mzerewo unkaoneka wolimba kuposa wina uliwonse, ndipo ambiri anagula yuro pafupi nawo. Tsikulo bankiyo inasiya kuuteteza mosachenjeza, ndipo furanki inakwera mphamvu pafupifupi 30 peresenti m'mphindi zochepa. Ma Stop Loss anatsekedwa kutali kwambiri ndi pamene anaikidwa. Anthu ena anataya zonse n'kutsala ndi ngongole kwa buloka. Kampani ya Alpari UK inagwa, ndipo ya FXCM inanena kuti makasitomala ake anatsala ndi ngongole ya pafupifupi madola 225 miliyoni. N'chifukwa chake malire odalirika kuposa onse ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zatumizidwa kwa buloka. Zimene sizinatumizidwe sizingatayike pa tchati, pokhapokha munthu atatsala ndi ngongole yotere kwa buloka.

Malire a gulu

Ndalama za banki mkhonde zili ndi eni ake ambiri ndipo zili ndi tsiku logawana. Anthu amazidikira kuti agule feteleza, alipire fizi kapena afolere nyumba. Zimabereka kudzera mu ngongole za mamembala odziwana, amene gulu lingathe kuwalondola. Ndalama zotayika kwa buloka wakunja zilibe wozilondola. Pa chifukwa chimenechi malire oyenera pa ndalama za masheya a mamembala ndi pa thumba la zadzidzidzi ndi oti zisalowe konse m'malonda a tchati, ndipo zimenezi zilembedwe m'malamulo a gulu.

Khomo lina ndi ngongole. Membala atha kubwereka ponena kuti ndi ya geni, n'kukaiika ku foreksi. Ngongole ya m'gulu ya K200,000 pa chiwongola dzanja cha 20 peresenti imafuna K240,000 pobweza. Wobwerekayo amakakamizika kupeza 20 peresenti m'nthawi yochepa, ndipo sangathe popanda loti yaikulu. Malamulo a gulu aletse ngongole yotere, ndipo komiti ifunse ntchito ya ngongole iliyonse. Wofuna kuyesa foreksi agwiritse ntchito zake zimene walandira pogawana, zokhazo zimene zitatayika banja silingagone ndi njala.

Mamembala ena akafunitsitsa kuyesa limodzi, asonkhe padera, mwa kufuna kwawo, kunja kwa bokosi. Agwirizane molemba kuti ndalamazo zitha kutayika zonse, ndipo sipadzakhala kuwonjezera zina pofuna kubweza zotayika. Alembe muyeso wa 1 peresenti, lamulo la Stop Loss pa malonda aliwonse ndi malire osiyira. Woyendetsa akaunti asakhale yekha woiona. MetaTrader ili ndi Investor password, imene imalola munthu wina kuona akaunti popanda kuchita malonda, ndipo mamembala awiri akhale nayo. Poyang'ana, awerenge Equity osati Balance yokha. Balance imawerenga malonda otsekedwa, pomwe Equity imaphatikiza ndi amene akadali otsegula. Balance ikamaonetsa madola 520 koma Equity ili pa 310, pali kuluza kwa madola 210 kumene sikunatsekedwe.

Pali nkhani ya malamulo a dziko. Kutumiza ndalama kunja kwa Malawi kumatsata malamulo a ndalama zakunja amene Reserve Bank of Malawi imayang'anira kudzera m'mabanki ovomerezeka, ndipo kugula madola pamsika wamseri ndi mlandu. Gulu lifunse ku banki yake lisanatumize kalikonse. Lifufuzenso ngati buloka ali ndi laisensi, poyang'ana dzina lake pa mndandanda wa bungwe loyang'anira lenilenilo, monga FCA ya ku Britain kapena FSCA ya ku South Africa. Laisensi imachepetsa mpata wakuba, koma siletsa kuluza pa malonda.

Kuzindikira chinyengo

Kawirikawiri ndalama za magulu sizifika n'komwe pamsika. Tchati imangokhala chophimba. Kampani ya Mirror Trading International ya ku South Africa inkauza anthu kuti pulogalamu yake ya pakompyuta ikuwapangira phindu pa foreksi, ndipo inkalipira obweretsa anzawo. FSCA inachenjeza anthu za kampaniyi mu 2020, ndipo inagwa mu Disembala chaka chomwecho. Bungwe la CFTC la ku America linati inatolera ndalama za pa intaneti zoposa madola 1.7 biliyoni.

Ogulitsa malosero, amene ambiri amawatcha masigino, alinso ndi njira yawo. Wina atha kuuza anthu 32 kuti agule ndi ena 32 kuti agulitse. Mawa amalankhula ndi 32 amene anapambana, n'kuwagawanso pawiri. Pofika ulendo wachinayi pali anthu 4 amene aona malosero anayi olondola motsatizana, ndipo ali okonzeka kulipira komanso kuchitira umboni kwa anzawo, ngakhale wolosera uja sanadziwe kanthu.

Zizindikiro zake zimafanana paliponse. Phindu limalonjezedwa lokhazikika mwezi ndi mwezi, pomwe malonda enieni amakhala ndi miyezi yoluza. Ndalama zimatumizidwa ku nambala ya foni kapena ku akaunti ya munthu, osati kwa buloka m'dzina la mwini wake. Umboni umakhala zithunzi za phindu, zimene zitha kuchokera ku akaunti ya Demo, ya ndalama zongoyerekeza. Wofuna kutapa ndalama zake amauzidwa kuti ayambe walipira msonkho kapena ndalama yotsegulira.

Woti amadziwa foreksi afunsidwe kuonetsa mbiri yonse ya akaunti ya ndalama zenizeni, ya chaka chathunthu kapena kuposa, yotsegulidwa pamaso pa komiti pa gawo la History. Mmenemo muoneke zonse zimene anaika, zimene anatapa, loti imene amagwiritsa ntchito ndi mwezi umene analuza kwambiri. Afunsidwenso kuti zinthu zikaipiratu gulu litaya zingati, ndipo n'chiyani chingaletse kuti zisapitirire pamenepo. Wolephera kutchula chiwerengero, kapena woyankha kuti sizingaluze, asapatsidwe ndalama za gulu.